Kubulancha ndiwo zamasamba: mafunso ndi mayankho

Ndondomeko yophikira yomwe ndapeza pa foni ikuti ndiyambe ndabulancha masamba. N'kutani kumeneko?

Ndi kuviika ndiwo m'madzi owira kwa mphindi zochepa, kenako n'kuzivuula n'kuziziziritsa msanga kuti zisapitirire kupsa. Cholinga si kuphika ayi, kuphika kumabwera pambuyo. Ngati munaonapo agogo akufutsa chitambe kapena khwanya, akuwiritsa pang'ono asanayanike pamphasa, ntchitoyi mukuidziwa kale. Chimene ndondomeko zolembedwa zimaonjezera ndi kusunga nthawi komanso kuziziritsa.

Bwanji osangoyanika masambawo osawiritsa? Dzuwa la kuno ku Nsanje limaumitsa chilichonse.

Kuuma amaumadi, amayi, koma tsamba likathothedwa silikhala litaferatu. M'kati mwake muli tinthu totchedwa maenzaimu timene timapitiriza kugwira ntchito: timasintha mtundu, timachotsa kakomedwe, timawononga mavitamini. Dzuwa sililetsa tinthuti msanga, ndipo kutentha kwa kuno kuchigwa kumatifulumizitsa. Ngakhale fuliza imangotichedwetsa chabe. Madzi owira ndiwo amatithetsa mphamvu. N'chifukwa chake mfutso wosawiritsa umasanduka wofiirira pakapita milungu, umanunkha ngati udzu wouma, ndipo pouphika umachedwa kufewa. Wowiritsa bwino umakhalabe wobiriwira. Madziwo amachotsanso fumbi, tizilombo tina ndiponso kuwawa kwa masamba monga luni.

Ndili ndi dengu la chitambe chochokera kudimba. Ndichite bwanji?

Sadzulani, tsukani, mudikire madzi akhe. Tenthetsani malita 4 a madzi mumphika waukulu mpaka awire mobwatamuka. Musakhuthulire dengu lonse nthawi imodzi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: masamba akachuluka madzi amazizira, ndiwo n'kumangonyowa m'madzi ofunda m'malo mowira. Ikani manja awiri odzaza, pafupifupi magalamu 250, mukanikize ndi mthiko kuti onse amire. Madzi ayenera kuyambanso kuwira mphindi imodzi isanathe. Akachedwa, ndiye kuti masamba achuluka kapena moto wachepa.

Nthawi muyambe kuwerenga madzi akayambanso kuwira, osati poika masamba. Chitambe chanthete ndi bonongwe zimafuna mphindi 2, masamba okhwimirako 3. Vuulani ndi chipande, muponye m'beseni la madzi ozizira kwa nthawi yofanana ndi imene zawira. Finyani pang'ono, muyale mopyapyala pamphasa yoyera. Madzi a mumphika omwewo mutha kuwiritsiramo kangapo, bola abwatamukenso musanaike ena.

Poyanika, ine ndimakonda pamthunzi podutsa mphepo, monga pakhonde, chifukwa dzuwa loswa mtengo la Okutobala limafwifwitsa masamba ndi kuchepetsa michere yopatsa vitamini A. Kuno mpweya ndi wotentha kale, mthunzi umaumitsa ndithu. Mfutso wauma ngati ukufumbutuka mukaufinya m'manja. Ukamapindika, uyanikeninso, apo ayi uchita nkhungu m'botolo.

Akuti pakufunika madzi a ayisi. Ife magetsi tilibe.

Musadandaule. Tungani madzi madzulo, agone mumtsuko, ntchitoyi muigwire m'mamawa. Konzani mabeseni awiri: loyamba lichotse kutentha kwambiri, lachiwiri limalize. Akafunda, sinthani. Koma akhale madzi oti mungamwe, a pamjigo kapena othira mankhwala. Madzi otunga m'Shire kapena m'thamanda abwezera m'ndiwo majeremusi amene mwangopha kumene.

Ndidziwa bwanji kuti ndakhoza?

Yang'anani mtundu. Tsamba lobulanchidwa bwino limabiriwira kuposa mmene linalili losaphika, limafota koma silisungunuka pakati pa zala. Likazimiririka mtundu n'kumanyenyeka, mwapitiriza, ndipo vitamini C wambiri watsalira m'madzi. Kuchepetsa nthawi nakonso si kupulumutsa michere: maenzaimu amatsala amoyo, mfutso n'kudzaonongeka uli m'nkhokwe.

Soda kapena chidulo musathire. Zimabiriwitsa masamba, inde, koma zimapha vitamini C ndi kufewetsa ndiwo mopitirira.

Nanga matimati?

Apo cholinga ndi kusenda basi. Chekani kamtanda kosazama kunsi kwa tomato, viikani m'madzi owira masekondi 30 mpaka 60, ponyani m'madzi ozizira. Khungu limasupuka ndi zala. Kunena za ndiwo zina, therere lobala loti musunge mufuliza limafuna kubulancha mphindi 3, lalikulu 4, zitheba 3. Anyezi ndi tsabola safuna kubulancha.

Chigwada nachonso mphindi ziwiri zikwana?

Ayi, chonde. Masamba a chinangwa ali ndi poizoni wa sayanaidi, ndipo kuviika kwa mphindi zochepa sikumuchotsa. Chigwada chisinjidwe mumtondo kaye, kenako chiwire nthawi yaitali mumphika wosavundikira mpaka chipse, monga mmene timaphikira nthawi zonse.