Musanatumize chithunzi kuti akugulireni felemu ya magalasi

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wa ku Chibavi, mphunzitsi wa pulayimale, atanyamula felemu yatsopano m'kabokosi kake. Mwana wawo wa ku Joni ndiye anawagulira, atangoyang'ana chithunzi chimene mayiwo anadzijambula okha n'kutumiza pa WhatsApp. Felemuyo inali yokongola ndithu, yapulasitiki yakuda. Koma atangoivala inatsetsereka n'kukatsamira pamasaya, ndipo maso awo ankaoneka ngati athawira kumphuno.

"Adokotala, kodi nkhope yangayi ndiye yolakwika?" anandifunsa akuseka.

Nkhope inalibe mlandu. Cholakwika chinali chithunzi. Pa ntchito yanga yoyeza maso ndi kukonza magalasi kuno ku Mzuzu, nkhani yotere ndimakumana nayo kawirikawiri, ndipo kugula felemu potengera chithunzi sindikuletsa ayi, bola chithunzicho chikhale choti munthu n'kuyezerapo.

Mukadzijambula nokha, foni imakhala pafupi kwambiri ndi nkhope. Chimene chili pafupi ndi kamera chimakula, ndiye mphuno imatupa, makutu n'kubisala kumbuyo. Mukapendeketsanso mutu pang'ono monga timachitira tonse pofuna kuoneka bwino, basi zonse zasokonekera. Choncho pemphani wina akujambuleni ataima patali mamita awiri, foni ili mulingo umodzi ndi maso anu, kenako akokere chithunzicho pafupi. Imani pakhonde pamene pali kuwala koma osati padzuwa loti mutsinzine, tsitsi kapena duku lisaphimbe makutu. Makutu onse awiri akaoneka mofanana, ndiye kuti mwayang'ana kutsogolo bwinobwino.

Chinsinsi chenicheni ndi khadi. Khadi ya kubanki kulikonse imakhala yotalika mamilimita 85.6. Igwireni chogoneka pachipumi, ikhudze khungu, pamwamba pa nsidze. Manambala ake muwamate ndi kapepala, chifukwa chithunzi chikachoka m'foni mwanu simudziwa kumene chikafike. Khadiyo ndiye rula yanu ya m'chithunzi.

Ndinawajambula choncho mayi aja, tinatsegula chithunzicho pakompyuta n'kuika rula wamba pagalasi lake. Khadi inakwana mamilimita 40. Nkhope, kuyeza m'mbali mwa mutu pamene pamadutsa miyendo ya magalasi, inakwana 64. Masamu ake ndi a sitandade 7: 64 kugawa ndi 40, kuchulukitsa ndi 85.6, yankho n'kukhala pafupifupi 137. Ndiye kuti felemu yowayenera iyenera kukhala ya mamilimita cha m'ma 135 mpaka 140 kuchokera kumapeto kufika kumapeto. Ya ku Joni ija titaiyeza inali 148. Felemu yaikulu choncho imasiya mpata m'mbali woti chala n'kulowa momasuka. Yaing'ono nayo imakanula miyendo, n'kusiya mizere pakhungu, madzulo mutu uli waa.

Tsono yang'anani mkati mwa mwendo wa felemu iliyonse yabwino, mupeza manambala atatu, mwachitsanzo `52□18 140`. Yoyambayo ndi kutambalala kwa galasi limodzi, yachiwiri ndi mpata wa pakati pa magalasi awiriwo pamene pamakhala mphuno, yachitatu ndi kutalika kwa mwendo. Manambalawa sanena kukula kwa felemu yonse, chifukwa ngodya zimene zimagwira miyendo zimasiyana felemu ndi felemu. Wogulayo atenge rula, ayeze yekha m'sitolo momwemo.

Koma manambala awiri oyambawo ali ndi ntchito ina imene anthu ambiri saidziwa, ndipo kwa ine ndiyo yaikulu. Mukawaphatikiza, mumapeza mtunda wochokera pakati pa galasi lina kufika pakati pa linzake. Mtundawu uyenera kuyandikana ndi mtunda wa pakati pa ana a maso anu. Pachithunzi cha mayi aja, ana a maso anatalikirana mamilimita 30 parula, kutanthauza 64 pankhope yeniyeni. Felemu ya ku Joni inali `56□20 145`. Kuphatikiza 56 ndi 20 ndi 76. Kusiyana kwake ndi 12, ndiye diso lililonse linali mamilimita 6 kuchoka pakati pa galasi, chakumphuno. N'chifukwa chake ankaoneka ngati maso apanikizana. Ndipo nkhani si maonekedwe okha. Mayiwo saona patali, magalasi awo ndi a -4.00, amene amakhala opyapyala pakati koma ochindikala m'mphepete. Diso likakhala kutali ndi pakati pa felemu, mbali ya kunja imatuluka yochindikala ngati pansi pa botolo, yolemeranso, n'kumakokera felemu pansi. Tinapeza ya `52□18 140`: kuphatikiza ndi 70, diso lililonse mamilimita 3 okha. Imeneyo ndiye bwino.

Za nsidze sindichulutsa. Mzere wa pamwamba wa felemu uzitsata mmene nsidze zanu zayendera, zokhota kapena zowongoka, ndipo ukhale m'munsi mwake kapena kungozikhudza pang'ono. Nsidze zikamaonekera mkati mwa galasi, felemuyo yakula kapena yakwera, ndipo nkhope imataya mawu ake, poti munthu akadabwa kapena akakwiya timaonera pansidze. Ana a sitandade 4 ayenera kuona kuti aphunzitsi akwiya.

Pamphuno ndiye pamene chithunzi chakutsogolo chimanama kwambiri. Jambulitsani china cham'mbali. Onani pamene mphuno yayambira kukwera. Ngati yayambira pamwamba pa mulingo wa ana a maso, mafelemu ambiri apulasitiki akhala bwino. Koma ambirife kuno mphuno zathu zimayambira m'munsi, zotambalala, zopanda msana wautali, pamene mafelemu ambiri apulasitiki anawaumbira mphuno zazitali. Felemu yotere imasowa pogwira. Imatsika mpaka masaya aigwire, nsidze n'kutsala kumwamba, zikope n'kumasesa galasi, ndipo m'mawa wa mu Juni kuno, ndi kuzizira kwathu kuja, galasi lokhudza tsaya limachita nkhungu musanafike n'komwe pa Katoto. Mukamwetulira felemu n'kunyamuka, dziwani kuti yakhala pamasaya osati pamphuno.

Mankhwala ake ndi felemu yokhala ndi timapilo tiwiri tapamphuno tomangidwa pa tiwaya, timene timatha kupindidwa. Timeneti ndimatha kutitambasula kapena kutipanikiza ndi kapulayala mpaka felemu itakwera pamalo pake. Yapulasitiki youmbiratu ndilibe nayo chochita chambiri. Nambala yapakati ija, 18 kapena 20, musaikhulupirire yokha: mafelemu awiri a 18 amatha kukhala mosiyana pamphuno imodzimodzi.

Malire a chithunzi ndi amenewa. Chimakuthandizani kukana felemu yosayenera musanataye ndalama, koma muyeso wodulira magalasi, makamaka aja oonera patali ndi pafupi pagalasi limodzi, tiyenera kuutenga felemu ili pankhope panu. Milimita imodzi kapena ziwiri zimene rula ya pakompyuta ingaphonye, pa magalasi amphamvu zimatha kukupatsani mutu ndi chizungulire.

Mayi aja anasankha yachitsulo yofiirira yokhala ndi timapilo. Ya ku Joni anaibwezera m'kabokosi, akuti akapatsa bambo a kunyumba, poti iwowo mutu ndi waukulu.