Maikolofoni yapachifuwa pa foni: yambani mwawerenga timizere ta pa pulagi

Mayi wina amene amajambula mavidiyo ophunzitsa kusoka anandibweretsera kamaikolofoni kake kopanira pa malaya, akudandaula kuti anakagula kokufakufa. Anali atajambula nako mavidiyo atatu, ndipo onse mawu ake ankamveka chapatali ngati akulankhulira m'chipinda china, pamene phokoso la makina osokera linali pamwamba. Ndinamupempha kuti ajambulenso ine ndikuona. Kujambula kuli mkati ndinakanda kamutu ka maikolofoniyo ndi chikhadabo katatu, kenako ndinakanda kunsi kwa foni kumene kuli kabowo ka maikolofoni ya foniyo. Titamvetsera, kukanda koyamba sikunamveke n'komwe, koma kwachiwiri kunamveka mwamphamvu. "Mayi, maikolofoni yanuyi sinafe ayi," ndinamuuza. "Foni yanu siikuiona. Masiku onsewa mwakhala mukujambula ndi maikolofoni yam'kati mwa foni."

Vutoli ndakumana nalo kambirimbiri pa ntchito yanga yojambula mawu, ndipo kuipa kwake n'kwakuti foni siichenjeza munthu. Imangojambula, mawu n'kumamveka ndithu, iwe n'kumayesa kuti zonse zili bwino. N'chifukwa chake kukanda kamutu kuja ndimakuchita nthawi iliyonse ndisanayambe ntchito, ngakhale pa zipangizo zimene ndazizolowera.

Gwero la vuto la mayiyu linali pa pulagi. Tengani yanu muiyang'anitsitse pafupi. Ndi kachitsulo konenepa mamilimita 3.5, ndipo kali ndi timizere takuda, kapena toyera, tozungulira. Timizereti ndi pulasitiki yolekanitsa zigawo za chitsulo kuti zisakhudzane, ndipo chigawo chilichonse chili ndi waya wakewake m'kati mwa chingwe. Ngati timizere ndi tiwiri, zigawo ndi zitatu, ndipo pulagi yotereyi pa mapaketi amailemba TRS. Ngati timizere ndi titatu, zigawo ndi zinayi, ndipo imeneyi ndi TRRS. Kunenepa ndi kutalika kwake n'chimodzimodzi, ndiye iliyonse imalowa m'bowo la inzake popanda kuvuta. Apa ndi pamene anthu amapusitsikira, poganiza kuti chimene chalowa chagwira.

Bowo la pa kamera limayembekezera TRS, ndipo mawu a maikolofoni limawalandirira kunsonga kwa pulagi. Bowo la pa foni analipangira mahedifoni okhala ndi maikolofoni oyankhira foni, choncho limayembekezera zigawo zinayi. Pa mafoni a masiku ano, nsonga imatulutsa mawu opita ku khutu lamanzere, chigawo chachiwiri ku khutu lamanja, chachitatu ndi njira yobwererera magetsi, ndipo chachinayi, chakutsinde, ndicho chokhacho cholandirira maikolofoni. Ndiye taganizani zimene zimachitika mukalowetsamo TRS. Maikolofoni ikupereka mawu ake kunsonga, kumene foni siimvetserako chifukwa kumeneko n'kotulutsira. Komanso tsinde la TRS ndi lalitali, limaphimba malo a chigawo chachitatu ndi chachinayi nthawi imodzi n'kuzilumikiza. Foni ikaona ziwirizi zalumikizana imadziwa kuti awa ndi mahedifoni wamba opanda maikolofoni, ndipo imapitiriza kugwiritsa ntchito yake yam'kati. Pulagi ya mayi uja inali ya timizere tiwiri. Maikolofoni yake inali ya kamera.

Mankhwala ake ndi kachingwe kakafupi kosinthira, kamene mbali imodzi kali ndi bowo lolandira TRS, mbali ina pulagi ya TRRS yolowa mu foni. M'kati mwake mulibe chodabwitsa: amangotenga waya wa kunsonga n'kumupititsa ku chigawo chachinayi. Koma pogula chenjerani, chifukwa kulinso kachingwe kena kofanana nako zedi kamene kamagwira ntchito mobwerera, kotengera maikolofoni ya foni kupita ku kamera. Musadalire maonekedwe kapena mawu a wogulitsa. Werengani timizere ta mbali yolowa mu foni: tikhale titatu. Ngati kameneka sikakupezeka, kachingwe ka mphanda kogawa bowo limodzi kukhala awiri, lina la mahedifoni lina la maikolofoni, nthawi zambiri kamagwira ntchito yomweyi, bola pulagi yake ikhale ya timizere titatu ndipo inu mulowetse pa bowo lojambulidwa chizindikiro cha maikolofoni.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa, chomwe chimafotokoza chifukwa chake waya wolakwika amapha maikolofoni kotheratu m'malo mongochepetsa mawu. Timaikolofoni tambiri tapachifuwa timafuna magetsi kuti tigwire ntchito. M'kamutu muja muli katiranzisita kakang'ono kokweza mawu, ndipo magetsi ake, pafupifupi mavoti awiri kapena kupitirirako pang'ono, amachokera mu foni kudzera pa waya yemweyo wonyamula mawu. Waya ameneyu akapanda kufika pa chigawo choyenera, maikolofoni ilibe mphamvu, ndipo ili zii. Timaikolofoni tina timakhala ndi kabokosi ka batire pa chingwe, ndi switchi yolembedwa Camera mbali ina, Smartphone mbali ina. Pa foni ikani pa Smartphone, chifukwa foni ikupereka kale magetsi. Maikolofoni ya pulagi yaikulu ya mano atatu, ya XLR, imeneyo ndi nkhani ina: kawirikawiri imafuna mavoti 48 amene foni singapereke, ndipo palibe kachingwe wamba kamene kangathetse zimenezo. Imafuna kabokosi kakekake kolumikizira.

Nkhani ya mayi uja ikanathera pa kachingwe kosinthira, koma foni yake inalibe bowo la mahedifoni. Kuyambira pamene Apple inachotsa bowoli pa iPhone 7 mu 2016, makampani ambiri anatsatira, ndipo lero mafoni ochuluka angotsala ndi bowo lotchajira. Iye anali atagula kale kaadaputa kochoka pa bowo lotchajira la USB-C kupita ku bowo la mamilimita 3.5, ndipo titaika kachingwe kosinthira pakati, tinakandanso kamutu kaja koma sikunamveke kanthu.

Maadaputa a USB-C alipo a mitundu iwiri, ndipo kunja simungawasiyanitse. Mtundu woyamba ndi mawaya okhaokha. Umadalira kuti foniyo izitha kutulutsa ndi kulandira mawu osasinthidwa kudzera pa bowo lotchajiralo, ndipo ndi mafoni ena okha amene anapangidwa motero. Mtundu wachiwiri uli ndi katchipi m'kati mwa mutu wake, kamene kamasandutsa mawu kukhala manambala amene foni imawerenga, ndiponso ndi komweko kamene kamapereka magetsi aja ku maikolofoni. Mafoni a Google Pixel, a Samsung Galaxy opanda bowo la mahedifoni, ndi ma iPhone a USB-C, omwe anayamba ndi iPhone 15 mu 2023, onsewa amafuna wa tchipi. Pa paketi funani malembo akuti DAC, dzina la katchipi kameneka. Koma DAC payokha imangolonjeza kuti mumva nyimbo. Onetsetsani kuti alembanso kuti adaputayo imalola maikolofoni kapena kuyankhira foni, chifukwa alipo ena abwino kwambiri pomvera nyimbo amene njira yolowetsera mawu alibe. Kwa ine, wa tchipi ndiye woyenera kugula ngakhale foni yanu ingalole wa mawaya okha, chifukwa mukadzasintha foni adzapitiriza kugwira ntchito. Kwa amene ali ndi iPhone ya bowo la Lightning kusankha n'kosavuta: adaputa ya Apple yeniyeni, kapena ina yovomerezeka ndi kampaniyo, ili ndi tchipi ndipo imalola maikolofoni. Maadaputa ena ongotsanzira amachita kufuna kuti muyatse Bluetooth kuti mawu adutse, ndipo pa ntchito yojambula amenewo musawakhulupirire.

Njira yachangu yoyesera adaputa payokha ndi kulowetsamo mahedifoni oyankhira foni amene mukudziwa kuti ndi abwino, n'kujambula mukukanda kamaikolofoni kawo. Tinachita zimenezi ndi ya mayi uja, foni sinaonetse n'komwe kuti yalandira chinthu. Titaika yanga ya tchipi, mahedifoni anagwira pomwepo. Apo tinadziwa kuti zolakwika zinali ziwiri zosanjikizana, ndipo mndandanda woyenera unakhala uwu: maikolofoni ya TRS ilowe m'kachingwe kosinthira, kachingweko kalowe mu adaputa ya tchipi, adaputa ilowe mu foni. Dziwani kuti bowo la pa adaputa nalonso ndi la zigawo zinayi, ndiye adaputa siichotsa kufunika kwa kachingwe kosinthira. Ndimalumikiza zonse kaye, kenako adaputa mu foni, ndipo pulogalamu yojambulira ndimaitsegula pomaliza, popeza mapulogalamu ena amasankha maikolofoni pa nthawi imene akutseguka basi.

Titajambula, mayi uja anatsegula vidiyo kuti amvetsere ndipo foni inali chete. Nkhope yake inagwa. "Ndiye kuti zakanikanso, bambo?" Sizinakanike. Foni imaona pulagi ya TRRS ngati mahedifoni, ndiye imatseka sipika yake n'kutumiza mawu ku makutu amene kulibe. Titazula adaputa, mawu ake anatuluka omveka bwino, apafupi, makina osokera akumvekera kumbuyo.

Ngati mawaya onse ali oyenera koma kukanda sikukumvekabe, ziwiri izi ndizo ndimayamba kuona. Choyamba ndi chikwama cha foni. Pulagi yonenepa khosi imatsamira pa chikwama n'kutsala pang'ono kuti ifike kumapeto, ndipo milimita imodzi yokha ndi yokwanira kuti zigawo zisemphane ndi malo ake. Vulani chikwamacho, kankhani mpaka mumve kuti yakhazikika. Chachiwiri ndi pulogalamu. Pa mafoni ena a Android, kamera yobwera ndi foni imakakamira maikolofoni yam'kati ngakhale yakunja ili bwinobwino. Yesani pa pulogalamu yojambulira mawu okha: ikamveka kumeneko, mawaya alibe mlandu, ndipo mungagwiritse ntchito pulogalamu ngati Open Camera, imene ili ndi malo osankhira kumene mawu achokere.

Kalekale mafoni ena, monga a Nokia ndi a Sony Ericsson akale, ankasinthanitsa chigawo chachitatu ndi chachinayi. Dongosolo limenelo limatchedwa OMTP, pamene la masiku ano ndi CTIA. Mukhoza kukumana nalo pokhapokha mutatola chingwe chakale kwambiri, choncho mukaona CTIA pa paketi dziwani kuti ndi yoyenera foni yanu.

Mayi uja anandifunsa ngati zikanakhala bwino kungogula maikolofoni ya pulagi ya USB-C. Kwa amene sanagule kalikonse ndipo azijambula ndi foni yokha, inde, chifukwa tchipi chili kale m'mutu wa pulagi ndipo malo olumikizira amene angakhwepe ndi amodzi m'malo mwa atatu. Koma imeneyo siilowa pa bowo la kamera, ndipo iye ankafuna kudzagula kamera m'tsogolo. Ndinamulangiza asunge yomwe ali nayo, agule adaputa ya tchipi, ndipo pamene maikolofoni ikumana ndi kachingwe kosinthira akulungepo tepi kuti chingwe chikakoka iye akudzuka pa makina chisazuke.