Musanaboole khoma, yambani mwakhala kaye pasofa

Nyumba zambiri zimene ndimaitanidwa kukakhomamo TV muno mu Lilongwe, eni ake amakhala atasankha kale malo, ndipo kawirikawiri amakhala m'mwamba kwambiri chifukwa anasankha ataimirira. Komatu TV timaonera titakhala pansi, choncho muyeso uyenera kuyambira pampando.

Tiyerekeze kuti mwagula TV ya mainchesi 43. Khalani pasofa monga mumakhalira madzulo, msana utatsamira, wina ayeze kuchokera pansi kufika pamaso panu. Kwa akuluakulu ambiri pamatuluka masentimita 100 mpaka 110. Apo ndi pamene payenera kukhala pakati pa sikirini. Sikirini ya mainchesi 43 ndi yaitali pafupifupi masentimita 54 kuchokera m'munsi kufika pamwamba, ndiye ngati maso anu ali pa 105, m'munsi mwake mukhale cha pa 78 kuchokera pansi. Ambiri akaona chizindikiro cha pensulo pakhoma amati, “Aaa bambo, si pansi kwambiri apa?” Ayi ndithu. Khosi limapirira kuyang'ana pansi pang'ono, koma kudzutsa chibwano mpira wonse wa mphindi 90 kumaumitsa kumbuyo kwa khosi ndi mapewa. Ngati mukukweza poopa manja a ana, kwezani pang'ono pokha ndipo gulani bulaketi yotheka kuweramitsa, sikirini iziyang'ana kumaso kwanu.

Mtunda sutivuta kwenikweni. TV imeneyi ndi masentimita 109 kuchokera pangodya kufika pangodya inzake, ndipo sofa ikhale pamtunda wa muyeso umenewu kamodzi ndi theka mpaka kawiri ndi theka, kutanthauza mamita 1.6 mpaka 2.7. Mukamatsinzinira kuti muwerenge zigoli pakona, mwatalikira.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi kuwala. Sikirini imabweza kuwala ngati galasi, moti windo likakhala kumbuyo kwa sofa mumaona makatani ndi mabagala m'malo mwa nkhope za anthu. Likakhala kumbuyo kwa TV, maso amalimbana ndi kuwala kwa panja n'kutopa msanga. Malo abwino ndi khoma limene windo lili chakumbali kwake. Chenjerani kwambiri ndi windo loyang'ana kumadzulo, chifukwa dzuwa la mu Okutobala likapendeka cha m'ma 4 koloko limalowa mpaka mkatikati mwa pabalaza, ndipo katani wopyapyala wa lesi salitchinga.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Anthu awiri agwire TV yozimitsa pamalo mwasankhapo, inu mutakhala pasofa. Chilichonse chowala chimene mukuchiona m'sikirini yakudayo mudzachionanso TV ikayaka, makamaka chithunzi chikakhala chamdima. Yesani masana dzuwa litapendeka, muyesenso usiku mababu atayatsidwa. Babu la kudenga likaonekamo, kuweramitsa sikirini pang'ono kumalichotsa. Likakhala windo, sunthani TV ipite khoma lina kapena ikani katani wokhuthala, kenako muboole.