Ekisireyi ikaonetsa mpweya wodzadza m'matumbo, musamutenge wodwala kupita naye kunyumba

Abale anga, pali chizolowezi china chomwe chikutipweteketsa m'mawodi a odwala ofuna opaleshoni. Munthu wabwera mimba itatupa, masiku atatu osachita chimbudzi, ngakhale kuphwisa osaphwisa, tamujambula ekisireyi, adokotala akuloza pa chithunzi kuti taonani mpweya wonsewu, basi agadiyani mtima pansi. Amatuluka panja kukaimbira foni kumudzi kuti iyayi musadandaule akuti ndi mpweya chabe, kenako ayamba kupempha kuti timutulutse akamwe soda kapena mankhwala otsuka m'mimba kunyumba. Chonde chonde. Mpweya umene adokotala akulozawo kawirikawiri ndi umboni woti penapake m'matumbo njira yatsekeka, ndipo thumbo lotsekeka limatha kufa munthu akuyendayenda.

Ndifotokoze zimene timaona pa chithunzicho kuti tizimvana. Pa ekisireyi mafupa amaoneka oyera, minofu ndi madzi zimaoneka zotuwa, mpweya umaoneka wakuda. Matumbo paokha saoneka bwino, timawazindikira chifukwa cha mpweya uli mkatimo, ndi umene umajambula kukula kwa thumbo ndi pamene lili. Munthu wabwinobwino amakhala nawo mpweya ndithu, pang'ono m'chifu kumtunda chakumanzere, timadontho m'matumbo aang'ono, wina m'thumbo lalikulu mpaka kumapeto kwenikweni kufupi ndi kotulukira chimbudzi. Zimenezo sizitidetsa nkhawa.

Nkhawa imayamba thumbo likafufuma kupyola muyeso wake, ndipo muyesowo timachita kuyeza ndi rula pa chithunzi. Manambala ake ndi atatu, 3, 6 ndi 9. Thumbo laling'ono lisapyole masentimita 3 m'lifupi, thumbo lalikulu lisapyole 6, ndipo poyambira thumbo lalikulu, kumunsi kwa mimba chakumanja komwe achipatala amati sikamu, pasapyole 9. Pa sikamupo ndi pomwe timachita napo mantha kwambiri chifukwa khoma lake ndi lopyapyala, pakafika cha m'ma 12 pakhoza kuphulika nthawi iliyonse. Nchifukwa chiyani thumbo limafufuma? Munthu amameza mpweya tsiku lonse, tizilombo ta m'matumbo timapanganso wina, ndiye kuphatikiza malovu, ndulu ndi madzi ena ogaya chakudya omwe thupi limathira m'matumbo malita angapo pa tsiku. Njira ikatsekeka zonsezi zimaunjikana kumtunda kwa malo otsekekawo, pomwe kumunsi kwake kumaphwa. Ndiye tikaona kumtunda kofufuma koma kumapeto kwa thumbo kulibe mpweya olo pang'ono, timadziwa kuti pakatipo pali chotchinga. Soda amene mukufuna kumumwetsayo akukaonjezera mpweya pamalo pomwe ulibe potulukira.

Chachiwiri timafuna kudziwa kuti latsekeka ndi thumbo liti. Matumbo aang'ono amakhala pakati pa mimba, ndipo ali ndi timizere toyandikana todutsa kuchokera khoma lina kufika khoma linalo. Thumbo lalikulu limazungulira m'mbali mwa mimba, mizere yake ndi yotalikirana ndipo imalekezera panjira, siidutsa mbali yonse. Tikamujambula wodwala ataimirira kapena atakhala tsonga, madzi amatsika pansi mpweya n'kukhala pamwamba, ndiye m'thumbo lililonse lofufuma mumaoneka mzere wowongoka wopingasa pomwe madzi akumana ndi mpweya. Mizere yotereyi ikachuluka, ina pamwamba ina pansi, nkhani yake ndi yomweyo ya kutsekeka.

Zoyambitsa ndingodutsamo mwachangu. Matumbo aang'ono kawirikawiri amatsekeka ndi heniya, chotupa chija cha m'chinena kapena pamchombo chomwe chimalowa n'kutuluka, tsiku lina chimangokanirira osabwereranso. Ena ndi zipsera zamkati za opaleshoni yakale, monga ya mayi amene anabereka kudzera ku fiyeta, zimamata matumbo n'kuwamanga ngakhale patapita zaka. Kwa ana ndi njoka za m'mimba zitaunjikana, kapena thumbo kulowa m'linzake, mwana n'kumalira mosiyasiya akuchita chimbudzi cha magazi chonanda. Kwa achikulire khansa ya thumbo lalikulu. Koma lomwe ndikufuna tikhalepo ndi kupotokola kwa thumbo lalikulu chakumapeto kwake, achipatala amati volovulasi ya sigimoyidi, chifukwa kuno kwathu ndi limodzi mwa mavuto amene amalowetsa anthu ambiri ku fiyeta usiku, ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, ku Gulupu ku Blantyre, ku Zomba, ku Mzuzu, konseku amalidziwa, ndipo limakonda abambo.

Tiyerekeze bambo wa zaka 55, mlimi, Lolemba madzulo wayamba kumva kupota m'mimba. Lachiwiri mimba yatupa, chimbudzi palibe, mpweya sukutuluka. Kunyumba akuti ndi kudzimbidwa, adya nyemba zambiri, amumwetsa mafuta a nsatsi. Lachitatu ampopera madzi a sopo kumbuyo, kwatuluka tizinthu pang'ono, onse akuti zayamba kutheka, osadziwa kuti zatulukazo ndi zomwe zinatsalira kumunsi kwa malo opotokolawo. Lachinayi wina wanena kuti izi si zachipatala, alipo wamuchita chipongwe, ndiye amutema mphini pamimba n'kumumwetsa zitsamba. Akufika kuchipatala Lachisanu mimba ili ndi! ukaigogoda ikulira.

Pa ekisireyi ya bamboyu sitiona matumbo ambirimbiri ayi, timaona chithumbo chimodzi chachikulu chakuda, chotuluka kumunsi kwa mimba n'kukwera mpaka pansi pa nthiti, nthawi zambiri chopendekera kumanja. Chapindika pawiri, pakati pake pali mzere woyera wokhuthala pomwe makoma awiri agundana, maonekedwe ake ngati njere ya khofi, ndipo madokotala amachitchula ndi dzina lomwelo. Rula ikuti masentimita 12 kapena kuposa pamalo pomwe payenera kukhala posapyola 6. Mizere ya thumbo lalikulu ija yafafanizika chifukwa cha kukokeka, ndipo kumapeto kulibe mpweya. Apa thumbo lazungulira pa tsinde lake, latsekeka mbali zonse ziwiri, polowera ndi potulukira. Choopsa n'chakuti m'tsinde lomwelo ndi momwe mumadutsa mitsempha yobweretsa magazi, ndiye likapotokola kwambiri magazi amasiya kufika, ndipo thumbo losowa magazi kotheratu limayamba kufa m'maola ochepa, osati masiku.

Taonani kusiyana kwa Lachiwiri ndi Lachisanu. Akanabwera Lachiwiri thumbo likadali lamoyo, adokotala amatha kulowetsa kachipangizo kounikira ndi paipi yofewa kudzera kumbuyo, thumbo n'kumasuka, mpweya ndi chimbudzi chamadzi kutuluka mwamphamvu, mimba kuphwa pompo. Komabe apa naponso musathawe naye, thumbo lomwe lapotokola kamodzi limakonda kubwereza, nchifukwa chake amakonza opaleshoni yodula chigawo chotalikacho munthu ali ndi mphamvu. Lachisanu nkhani ndi ina. Akatsegula amapeza thumbo lada bii, liyenera kudulidwa, ndipo nthawi zambiri sangalumikize tsiku lomwelo, amatulutsira thumbo pamimba munthu n'kumachitira chimbudzi m'kathumba kwa miyezi. Ena safika n'komwe pamenepo chifukwa tizilombo talowa kale m'magazi. Masiku atatu a mafuta a nsatsi ndi zitsamba aja ndi amene asintha zonsezi, ndipo mankhwala otsuka m'mimba amakakamiza thumbo kukankha pa njira yotseka, zomwe zimangofulumizitsa kuphulika.

Pali mpweya wina woopsa kuposa wonsewu, umene uli kunja kwa matumbo. Timamukhazika wodwala tsonga mphindi zingapo kenako kujambula chifuwa, tikaona kachigawo kakuda kopyapyala pansi pa mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, makamaka kumanja pamwamba pa chiwindi, ndiye kuti penapake paboka. Zimachitikanso ndi zilonda za m'mimba komanso taifodi. Imeneyo ndi ya ku fiyeta tsiku lomwelo. Ndipo samalani, thumbo likangophulika ululu umatha kuchepa kwa kanthawi, agadiyani n'kumati wayamba kupeza bwino, chonsecho zinthu zafika poipa.

Sikuti thumbo lililonse lofufuma latsekeka ndi chinthu. Nthawi zina matumbo amangofooka n'kusiya kuyenda, monga pambuyo pa opaleshoni kapena mchere wa potaziyamu ukachepa m'thupi. Apo mpweya umakhala paliponse, m'aang'ono, m'lalikulu, mpaka kumapeto. Wodwala wotereyu mwina safuna mpeni, koma amene angasiyanitse ndi dokotala amene wagwira mimba, wamvetsera ndi kuyeza magazi, ndipo nayenso amafunika dilipi m'wodi.

Ekisireyi nayo ili ndi malire ake, ndipo apa ndikupempha mumvetsetse. Ikhoza kuoneka yabwino tsiku loyamba mpweya usanaunjikane. Matumbo akadzadza madzi okhaokha chithunzi chimangooneka chotuwa ngati palibe vuto pomwe vuto lilipo lalikulu. Komanso siitiuza bwino ngati thumbo lili lamoyo kapena lafa, zimenezo timazidziwira pa thupi, mtima kuthamanga, kutentha thupi, ululu wosalekeza, mimba youma yoti ukangoikhudza munthu akubuula, mkodzo kuchepa. Ndiye adokotala akati ekisireyi siikuonetsa zambiri koma agone timuone, kapena akati apite ku chipatala chachikulu akapange sikani, musakane ndipo musapemphe kuti muyambe mwakaonana ndi akuluakulu kumudzi, aimbireni foni muli m'ambulansi.

Mukamuona wodwala wanu aikidwa paipi ya m'mphuno ikutulutsa zamadzi zobiriwira, dilipi ili pamkono, paipi ina yamkodzo, ndipo anamwino aletsa chakudya, musaganize kuti akumuzunza kapena amuiwala. Paipi ya m'mphunoyo ikuchotsa madzi ndi mpweya zounjikana kuti mimba ipume komanso kuti asatsamwe ndi masanzi, dilipi ikubwezera madzi amene atayikira m'matumbo. Kaphala kobisa m'chitenje kaja, kathobwa kapena botolo la zitsamba lopatsira usiku anamwino atachoka, zikhoza kulowa m'mapapo pomugoneka tulo ta opaleshoni. Ngati mwamupatsa kale china chake nenani, sitikukalipirani, tikufuna tidziwe chomwe wamwa ndi nthawi yake. Mayi woyembekezera kapena amene akudzikayikira auze wojambula asanalowe.

Kunyumba yang'anani izi, mimba ikutupa, ikupota mobwerezabwereza, munthu akusanza makamaka zobiriwira kapena zonunkha ngati chimbudzi, ndipo mpweya wasiya kutuluka. Funsani mosachita manyazi, bambo mwaphwisa liti komaliza? Munthu wodzimbidwa wamba amaphwisa ndithu. Uyu amene watupa ndipo sakuphwisa, kapena amene heniya yake yauma, ikupweteka ndipo ikukana kubwerera, asadye, asamwe kanthu, nyamukani naye nthawi yomweyo olo ndi usiku. Ku chipatala chaching'ono kulibe ekisireyi ndi fiyeta, ndiye mukafika kumeneko nenani zizindikiro zonsezi momveka kuti akutumizeni ku chipatala chachikulu cha m'boma lanu msanga, ndipo mutenge buku lake la kuchipatala makamaka ngati anachitidwapo opaleshoni ya pamimba.