Maantibayotiki onse pa tsamba limodzi: yambirani pamene mankhwalawo amamenya

Wophunzira za unamwino kapena za mankhwala akafika pa maantibayotiki, manotsi ake amakhala ali mbwee: zina m'kope la m'kalasi, zina pa chithunzi cha bolodi mu foni, zina pa kapepala kolembedwa mothamanga mu wodi. Ambiri akafuna kusonkhanitsa zimenezi amandandalika mayina motsatira afabeti. Chimene amapeza ndi mndandanda wautali wa mayina ovuta kutchula, ndipo sabata isanathe ayiwala. Ine ndimalangiza kuti mizere ya tebulo itsatire malo amene mankhwala amakamenya pa bakiteriya, chifukwa ukadziwa malowo, zambiri zotsalazo umazimvetsa osaloweza.

Malo akuluakulu ndi anayi. Loyamba ndi khoma lokuta bakiteriya, ndipo apa pamagwera banja la penisilini, monga amokisisilini, ndi banja la sefalosiporini, monga sefitirayakisoni. Lachiwiri ndi raibosomu, kumene bakiteriya amapangira mapuloteni ake. Raibosomu ili ndi zigawo ziwiri: pa 30S pamamenya jentamaisini ndi dokisisaikilini, pa 50S pamamenya eritiromaisini, azitiromaisini ndi kiloramufeniko. Lachitatu ndi DNA, imene sipurofulokisasini amailepheretsa kukopedwa ndipo metironidazo, amene ambiri timangoti fulajilu, amaiduladula. Lachinayi ndi njira yopangira foleti, chinthu chofunika kwa bakiteriya popanga DNA, ndipo njirayi bakitirimu amaitseka m'malo awiri.

Onani mmene dongosololi limayankhira mafunso lokha. Maselo a munthu alibe khoma ngati la bakiteriya, n'chifukwa chake penisilini ndi wofatsa m'thupi, ndipo vuto lake lalikulu ndi loti ena amawengedwa naye. Komanso pali bakiteriya wotchedwa maikopulazima, woyambitsa mtundu wina wa chibayo, amene alibiretu khoma. Amokisisilini akamupeza alibe pomenya. Pamenepo pamafunika azitiromaisini kapena dokisisaikilini. Mfundo imeneyi sungaiiwale ngati unaiona pa tebulo losanjidwa motere.

Tengani pepala la A4, muligoneke cham'mbali, mujambule madanga asanu ndi limodzi: dzina la banja, mankhwala amodzi kapena awiri amene mumawaonadi pa shelefu, malo amene amamenya, mabakiteriya amene amawapha ndi amene amawalephera, kuopsa kwake kwakukulu, ndi munthu wosayenera kupatsidwa. M'bokosi lililonse musapitirire mawu ochepa. Danga lachinayi ndi limene ndimaliona kuti anthu amalilemba theka. Amalemba okhawo amene mankhwala amapha, pomwe wodwala amavulala ndi amene mankhwalawo sawakhudza.

Tiyeni timange mzere umodzi mpaka kumapeto, wa banja la aminogilaikosaidi, kumene kuli jentamaisini. Tinene kuti m'manotsi mwanu mwapeza timawu tisanu m'malo osiyanasiyana. M'kope mwalembedwa "30S". Pa chithunzi cha mu foni pali "jakisoni yekha". Pa kapepala ka mu wodi pali "impso, makutu". Penapake munalemba "sagwira pa mabakiteriya odana ndi mpweya", ndipo pa tsamba la matenda a makanda pali "amaphatikiza ndi penisilini". Timawu timeneti tikakhala patokhapatokha timaoneka ngati zinthu zisanu zoloweza. Koma tikulongosola mankhwala amodzi, ndipo tikugwirizana.

Jentamaisini sadutsa m'matumbo kulowa m'magazi, choncho palibe piritsi lake lochizira matenda a m'magazi, amabayidwa. Kuti alowe mkati mwa bakiteriya n'kukafika pa 30S, amadalira njira imene imagwira ntchito pokhapokha pali mpweya wa okosijeni. Ndiye mabakiteriya okhala kopanda mpweya, ngati ambiri a m'matumbo aakulu ndi a m'mafinya obisika, sawagwira, ndipo pa matenda a m'mimba otere madokotala amawonjezera fulajilu. Penisilini akaboola khoma, jentamaisini amalowa mosavuta. Komanso mabakiteriya amagawidwa m'magulu awiri potengera mtundu wa khoma lawo: penisilini amagwira bwino a gulu la gilamu pozitivi, jentamaisini a gilamu negetivi, n'chifukwa chake awiriwa amayendera limodzi pochiza khanda limene lili ndi matenda m'magazi. Pomaliza, jentamaisini amatuluka kudzera mu impso osasinthidwa. Impso zikafooka amaunjikana, n'kuwononga impso zomwezo ndi khutu la mkati. Impso nthawi zambiri zimachira mankhwala akasiyidwa, koma kumva kukapita kawirikawiri sikubwerera. Choncho m'bokosi lomaliza mulembe "impso zofooka, okalamba, wotha madzi m'thupi: samalani", ndipo muonjezere zizindikiro zoyang'ana, zomwe ndi mkodzo kuchepa, chizungulire ndi kulira kwa m'makutu.

Mzere umenewo watha, ndipo ena onse amamangidwa chimodzimodzi. Ena amayenda msanga. Dokisisaikilini ndi sipurofulokisasini, ngakhale ali m'mabanja osiyana, onse amagwirana ndi mkaka, mapiritsi owonjezera magazi ndi mankhwala a chilungulira m'mimba n'kulephera kulowa bwino m'magazi. Lembani mfundoyo pa mizere yonse iwiri. Dokisisaikilini amapewedwa kwa mayi woyembekezera ndi kwa ana osakwana zaka 8 chifukwa cha mano. Pa fulajilu lembani mowa. Pa bakitirimu, amene ambiri omwe ali ndi HIV amamwa tsiku ndi tsiku kuti adziteteze ku matenda ena, lembani zidzolo zoopsa zosupula khungu ndi zilonda za m'kamwa.

Pali misampha iwiri imene imawononga matebulo ambiri. Woyamba ndi kusanja mankhwala potengera mathero a dzina. Jentamaisini, eritiromaisini ndi vankomaisini amamveka ngati a bere limodzi, koma ndi a mabanja atatu: woyamba amamenya 30S, wachiwiri 50S, wachitatu khoma. Musanaike dzina mu mzere, tsimikizani banja lake m'buku. Msampha wachiwiri ndi kuganiza kuti zimene mwalemba za mmodzi zikukhudza banja lonse. Sefalekisini ndi sefitirayakisoni onse ndi asefalosiporini, koma woyambayo ndi wakumwa ndipo amathandiza kwambiri pa matenda a pakhungu, pamene wachiwiriyo ndi wobaya, amagwira kwambiri mabakiteriya a gilamu negetivi, ndipo amafika mu ubongo pa matenda oumitsa khosi. Mukawaika m'bokosi limodzi, tebulo lanu lidzakunamizani. Banja limeneli lipatseni mizere iwiri.

Nanga manotsi akamatsutsana? Kawirikawiri limodzi ndi lakale. Notsi lakale linganene kuti sipurofulokisasini amachiza chinzonono, ndipo kale zinali zoona, koma m'mayiko ambiri bakiteriyayo sakumvanso mankhwalawa. Malo amene mankhwala amamenya sasintha, koma amene amawapha amasintha ndi zaka komanso ndi dera. Choncho danga lachinayi lilembeni ndi pensulo, mulifananize ndi buku la malangizo a chithandizo la Unduna wa Zaumoyo limene likugwiritsidwa ntchito panopa, ndipo pansi pa tsamba mulembe chaka. M'mphepete mungaikenso chizindikiro cha magulu amene bungwe la WHO linakhazikitsa mu 2017: amokisisilini, jentamaisini, dokisisaikilini ndi fulajilu ali m'gulu loyambira, pamene sefitirayakisoni, sipurofulokisasini ndi azitiromaisini ali m'gulu loyenera kuperekedwa mosamala, popeza mabakiteriya amawazolowera msanga.

Milingo ya mankhwala musaiike pa tsambali. Mlingo umadalira kulemera kwa wodwala, msinkhu wake, mphamvu ya impso ndi nthenda yeniyeniyo, ndipo nambala imodzi yopanikizidwa m'kabokosi ingaphe mwana. Tsambali ndi lophunzirira, si loti munthu adzisankhire makapisozi pa golosale. Mukamaliza, phimbani madanga atatu omaliza ndi dzanja, muyang'ane dzina ndi malo omenya okha, muyese kunena zotsalazo pamodzi ndi zifukwa zake. Bokosi limene mwalephera kulipezera chifukwa, bwererani nalo ku buku.