Makesi atatu pa tsamba limodzi: vuto, chiganizo, zotsatira

Ophunzira za bizinesi akapatsidwa makesi, nkhani za zomwe zinachitika pa makampani, atatu kapena anayi kuti awayerekeze, ambiri amalemba chidule cha yoyamba, kenako cha yachiwiri, kenako cha yachitatu, basi ati amaliza. Kumeneko si kuyerekeza ayi, ndi kungobwereza nkhani zoti aphunzitsi anaziwerenga kalekale. Chimene chimafunika ndi tebulo: kesi iliyonse mzere wake, kumanzere dzina la kampani ndi chaka, kenako makolamu atatu a vuto, chiganizo ndi zotsatira. Kujambula tebulolo mu Excel olo pa pepala ndi mphindi ziwiri. Ntchito yeniyeni ili pa zomwe mulowetse m'bokosi lililonse, ndipo apa ndi pomwe anthu amasakaniza zinthu.

Tiyeni titenge kesi ya Coca-Cola ya 1985. Pa 23 Epulo chaka chimenecho kampaniyi inalengeza ku America kuti yasintha kakomedwe ka chakumwa chake, anthu anakwiya koopsa, ndipo pa 11 Julaye analengeza kuti yakale ija ikubwerera ndi dzina la Coca-Cola Classic. Ndiye munthu akawerenga amathamangira kulemba m'bokosi la vuto kuti "makasitomala sanakonde kusinthako". Zolakwika zimenezo. Mkwiyo wa makasitomala unabwera chiganizo chitapangidwa kale, malo ake ndi ku zotsatira. Ine chiganizo chilichonse ndimachiyika kaye pa tsiku lake, kenako chilichonse chomwe ndikufuna kulemba pa vuto ndimachifunsa kuti, kodi mkulu wa kampaniyi pa nthawiyo, a Roberto Goizueta, ndi anzawo atakhala pansi tsiku limenelo, ichi ankachidziwa? Ngati sankachidziwa sichilowa. Zomwe ankadziwa ndi zoti Pepsi inkawalanda msika pang'onopang'ono kwa zaka zambiri makamaka m'masupamaketi, komanso anthu akalawitsidwa osauzidwa dzina ambiri ankasankha yotsekemera kwambiri. Vuto ndi limenelo, mizere iwiri yakwana.

Bokosi la chiganizo ndi lomwe ndimalikonda chifukwa limaonetsa ngati munthu wawerengadi. Lizikhala ndi zomwe anachita, komanso njira yomwe anaisiya. Mukangolemba "anatulutsa Coke yatsopano" mwataya theka la nkhani, poti kutulutsa chakumwa chatsopano makampani amachita chaka ndi chaka popanda phokoso. Chomwe chinawotcha zinthu ndi choti anachotsanso yakale pa msika. Analawitsa anthu pafupifupi 200,000, koma funso lalikulu linali la kakomedwe, ndipo munthu kunena kuti iyi ikukoma sikutanthauza kuti wavomera kuti mumulande yomwe anakula nayo. Ndiye bokosilo liziti: anasintha kakomedwe n'kusiya kupanga yakale, pomwe akanatha kugulitsa ziwiri zonse. Njira yosiyidwayo ikasowa, simungathe kuweruza chiganizocho, chifukwa mukuchiyerekeza ndi chani?

Pa zotsatira lembani tsiku lomwe mwayezera. Patatha masiku 79 anabweza yakale. Pambuyo pake malonda a Classic anakwera, ndipo pali ena amafuna kunena kuti ndiye kuti chiganizo chija chinali chanzeru. Ayi ndithu, chomwe chinakweza malonda ndi chiganizo chachiwiri, chobwerera m'mbuyo. Zinthu kutha bwino si umboni woti munaganiza bwino.

Kesi ya Netflix ya 2011 imaphunzitsa china, choti pena kesi imodzi imafuna mizere iwiri. Mu Julaye kampaniyi inalengeza kuti ma DVD otumizidwa pa positi ndi kuonera pa intaneti zizilipiridwa padera padera, ndiye yemwe ankalipira $9.99 pa zonse amayenera kulipira $15.98, kukwera kwa pafupifupi 60 peresenti. Mu Seputembala mkulu wa kampaniyi pa nthawiyo, a Reed Hastings, analengezanso kuti za ma DVD zipita ku kampani yakeyake yotchedwa Qwikster, webusaiti yakenso ina. Mu Okutobala za Qwikster anazisiya, koma mtengo watsopano uja sanaubweze. Mwaonatu, ziganizo ziwiri, chimodzi chinafa, china chinakhala. Mukaziphatikiza mu mzere umodzi n'kulemba kuti "anataya makasitomala 800,000, anabwerera m'mbuyo" mwanama osadziwa. Makasitomala pafupifupi 800,000 a ku America aja anatayika m'miyezi ya Julaye mpaka Seputembala, pomwe Qwikster inalengezedwa nyengoyo ili pafupi kutha, ndiye simungaisenzetse mlandu wonse. Chizindikiro choti mzere ukufunika kugawidwa n'chosavuta kuchiona: bokosi la chiganizo likakhala ndi "kenako" mkati mwake, ndipo zotsatira zikuyankha mbali imodzi yokha, dulani pakati.

Ya Tylenol, mankhwala ochepetsa ululu, ndi yowongoka. Mu 1982 anthu 7 anamwalira m'dera la Chicago atamwa makapisozi omwe wina anathiramo poizoni. Kampani ya Johnson & Johnson, mwini wa mankhwalawa, inachotsa mabotolo pafupifupi 31 miliyoni m'dziko lonse m'malo mongochotsa a ku Chicago okha, inaluza ndalama za m'ma $100 miliyoni, n'kubweretsanso mankhwalawo m'mapaketi omata oti wina akatsegula zimaoneka. Gawo lake pa msika linagwa kwambiri koma pasanathe chaka linali litabwerera pafupi ndi pomwe linali.

Tsopano tebulo ladzaza, mizere inayi. Musaliwerenge chopingasa, poti kutero mukungobwerezanso nkhani zija. Tsikani ndi kolamu imodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi. Pa chiganizo muona kuti makampani onse atatu anachotsa m'manja mwa kasitomala chinthu chomwe anachizolowera. Ndiye bwanji mmodzi anatamandidwa, awiri anatukwanidwa? Pitani ku kolamu ya vuto. La Tylenol aliyense ankaliona pa TV ndipo amene anali pa ngozi ndi kasitomalayo. La Coca-Cola ndi la Netflix linkaoneka m'mabuku a kampani basi, womwa Coke wake analibe vuto lililonse, wolandira ma DVD ake chimodzimodzi. Funso loti "vutoli ankaliona ndani" silinalembedwe mu kesi iliyonse payokha, limatuluka mukaziika pamodzi, ndipo asaimenti kapena lipoti lanu liyambire pamenepo.

Koma musalitenge ngati lamulo. Awa ndi makampani atatu okha, akuluakulu, a ku America, ogulitsa kwa anthu wamba, ndipo amaphunzitsidwa m'kalasi chifukwa choti mathero awo anachita phokoso. Ena omwe anachita zofanana n'kungodutsa mwakachetechete palibe anawalemba. Komanso onani kuti zotsatira sizinayezedwe ndi muyezo umodzi: kwina ndi masiku, kwina chiwerengero cha makasitomala, kwina gawo la msika. Lembani muyezowo pambali pa nambala iliyonse, ndipo osayesa kuti 800,000 ndi "yoipa kuposa" masiku 79, sizipikisana zimenezo.

Bokosi lomwe kesi sinanenepo kanthu musalidzaze ndi zongoganiza, lembani "kesi sinanene". Mukawonjezera mfundo yochokera kwina ikhale ndi chizindikiro chake, ndipo chilichonse chochokera mu kesi chikhale ndi nambala ya tsamba, kuti wina akadzakutsutsani pa mtengo wa Netflix uja muzingotsegula pomwepo.