Musanapachike tivi pakhoma, yang'anani fumbi la pabowo

Anthu akandiitana kukapachika tivi, funso lawo loyamba limakhala lakuti bulaketi ipirira makilogalamu angati. Komatu bulaketi yachitsulo sithyoka kawirikawiri. Chimene chimagonja ndi khoma.

Tivi ya mainchi 55 yamasiku ano imalemera pafupifupi makilogalamu 15. Ikakhala pa bulaketi yomatirira kukhoma, kulemera konseko kumangotsikira pansi, ndipo masikuluwu anayi amakunyamula bwinobwino. Nkhani imasintha mukagula bulaketi ya mkono, ija mumaikoka n'kuitembenuza. Tinene kuti mkonowo watuluka masentimita 40, pomwe masikuluwu akumwamba ndi akumunsi atalikirana masentimita 20. Pamenepo akumwamba aja akuzulidwa ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 30, kuwonjezapo bulaketi yeniyeniyo ndi dzanja la mwana amene akufuna kuonera bwino mpira.

Ndinakaona zotere m'nyumba ina ku Kapata. Tivi inali itaweramira kutsogolo, mapulagi awiri akumwamba, mapulasitiki aja olowetsamo masikuluwu kukhoma, atasolokako, pansi pali timchenga. Nditawazula ndinapeza kuti ndi aafupi, amasentimita 4, ndipo theka lake linali mu pulasitala. Pulasitala sagwira kanthu, abale anga, ndi chovala chabe cha khoma.

N'chifukwa chake ndimayamba ndi kabowo kakang'ono, n'kutchera dzanja kuti fumbi ligweremo. Likatuluka lofiira, dirilo ikulowa movutikira, ndiye kuti mwapeza njerwa yowotcha bwino. Apa bowolani mamilimita 10, puzirani fumbi lituluke, lowetsani pulagi yapulasitiki ya mamilimita 10 ndi sikuluwu yonenepa yotalika masentimita 8. Pulagiyo ilowe mochita kukhomera ndi hamala. Ikalowa ndi chala chokha, bowolo lakula. Mabawuti achitsulo otukumuka aja sindiwakonda pa njerwa zathu zapauvuni, chifukwa zina sizipsa mokwanira ndipo zimang'aluka mukamanga mwamphamvu. Fumbi likakhala lamchenga, lotuwa, mwagwera pamzere wa pakati pa njerwa. Sunthani pang'ono.

Dirilo ikalowa masentimita ochepa kenako n'kugwera m'kati mwadzidzidzi, limenelo ndi buloko la mphako. Zimitsani kugogoda kwa dirilo kuti isagumule m'kati. Bulaketi yomatirira ikhoza kukhala pa mapulagi opangidwira makoma amphako, koma ya mkono ayi. Imeneyo, ngati khoma ndi lapakati pa zipinda, ndimabowola mpaka kuseri, n'kupisa chitsulo chamazinga cha mamilimita 8, kuseriko n'kuika kachitsulo kafulati ndi nati. Ndi momwenso ndimachitira pa zidina zosawotcha, zomwe fumbi lake ndi dothi lofewa, kungoti kuseri ndimaika thabwa lalikulu.

Musabowole molunjika pamwamba pa soketi, chifukwa nthambo zamagetsi nthawi zambiri zimadutsa pamenepo. Mukamanga bulaketi, itambasuleni yonse, muikokere pansi ndi manja awiri tivi isanakwere. Mukamva kulira kapena kuona mchenga ukuyoyoka, masulani, musakakamize.